Mnzanu akakuonetsani nyimbo yake, cholembera chanu chikhale m'thumba

Pa anthu onse amene woimba angawaonetse nyimbo yosatha, woopsa kwambiri ndi mnzake wodziwa kulemba. Wosadziwa uja amangogwedeza mutu n'kunena kuti "ili bho, aise," ndipo ngakhale sanathandize kanthu, nyimbo imabwerera kwa mwini wake momwe inalili. Wodziwa kulemba amapempha cholembera. Pakutha pa ola limodzi mizere yawongoka, Chichewa chasanduka cha m'buku la sukulu, mawu a m'tauni achotsedwa, ndipo mwini nyimbo akuthokoza uku mtima uli zii, chifukwa zimene zili papepalazo sizikukhalanso bwino m'kamwa mwake.

Maganizo anga ndi awa. Mnzanu akakupemphani kuti muone mawu a nyimbo yake, ntchito yanu ndi kumuonetsa pamene pakuvuta ndi chifukwa chake pakuvutira. Mzere watsopano uchokere kwa iye. Ena aona ngati kumeneku ndi kuumira kapena kuthawa ntchito, koma amene anayesapo akudziwa kuti kulozera vuto molondola n'kovuta kuposa kulemba mzere wako. Mzere umabwera wokha m'mutu pamene ukumvetsera. Chofuna mphamvu ndi kuugwira kuti usatuluke, kenako n'kudzifunsa kuti, kodi chandichititsa kufuna kusintha apa n'chiyani kwenikweni?

Chifukwa choyamba n'cha thupi. Mawu a nyimbo amadutsa m'mapapo ndi pa lilime la munthu mmodzi. Iye ali ndi pamene amapumira, ali ndi mawu amene amawameza, ali ndi katchulidwe ka kwawo. Wa ku Mulanje ndi wa ku Kasungu akhoza kuimba mzere umodzi womwewo, koma sudzagwera pa ng'oma mofanana. Inu mukalemba mzere, mumaulemba ndi mpweya wanu. Chifukwa chachiwiri n'chakuti mwini nyimbo amadziwa zinthu zambiri za nkhaniyo zimene sanazilembe. Mzere wabwino umene ukusoweka uli m'zimene akudziwazo, ndipo inu mulibe njira yolowera kumeneko kupatula kufunsa.

Pali dongosolo lina limene katswiri wa zovina wa ku America, Liz Lerman, anakonza mu 1990, ndipo masiku ano limagwiritsidwa ntchito m'zisudzo, m'nyimbo ndi m'zolembalemba. Lili ndi masitepe anayi. Oonera amayamba ndi kunena zimene zawakhudza m'ntchitoyo. Kenako mwini ntchito ndi amene amafunsa mafunso ake. Pachitatu oonera amafunsa mafunso opanda chiweruzo mkati. Pomaliza ndi pamene munthu amanena maganizo ake, atayamba wapempha chilolezo, ndipo mwini ntchito ali ndi ufulu wokana kuwamva. Dongosololi linakonzedwera gulu lokhala ndi wotsogolera zokambirana, choncho anthu awiri okhala pakhonde sangalitsate ngati mwambo wa m'khoti. Mukayamba kunena kuti "tsopano tili pa sitepe yachitatu," mnzanuyo akusekani. Chimene ndimatolapo ine ndi ndondomeko yake, yoti maganizo anu abwere kumapeto, mutamva kale chimene mwini wake akufuna. Kwa nyimbo ndimawonjezerapo chinthu chimodzi chimene chimabwera zonsezo zisanayambe: musalandire pepala.

Mawu a nyimbo owerengedwa papepala amanama. Mzere wooneka wopusa, wobwereza mawu amodzi kanayi, ukhoza kukhala umene anthu adzauimbe m'minibasi. Mzere wooneka wanzeru ukhoza kukanika kulowa m'chuni. Ndiye muuzeni aimbe, ngakhale popanda gitala, akuomba pa tebulo kapena pa ntchafu. Mujambuleni pa foni. Ulendo woyamba ingomvetserani, manja ali pansi. Wachiwiri lembani malo okhaokha: pamene maganizo anu anathawa, pamene simunamve mawu, pamene iye anapunthwa kapena kupuma mothamanga, ndi pamene thupi lanu linachita tsemwe. Pepala lake mulione pambuyo pake.

Nditenge chitsanzo cha nyimbo ya mnzanga wina, mnyamata woimba za chamba cha masiku ano, amene analemba za mkulu wake wopita ku Joni n'kusiya kuimba foni. Vesi yoyamba inali yotere:

Achimwene munapita ku Joni
Munati Disembala mubwera
Mayi akungosesa m'chipinda mwanu
Moyo ndi wovuta, dziko ndi lozungulira

Kolasi yake inali yaifupi:

Imbani foni, achimwene, imbani
Ngakhale kufulasha kokha

Ndipo vesi yachiwiri inayamba ndi mzere uwu: "Iwe ukudya nyama kumeneko, ife kuno ndi bonya wa ngongole."

Choyamba chimene ndinamuuza ndi chimene ndinamva, osati chimene ndinakonda. Kusiyana kwake n'kwakukulu. "Ndaikonda" sakuuza wolemba chilichonse chimene angagwiritse ntchito. Ndinati, "Aise, ine ndamva nkhani ya banja limene likudikira munthu amene mwina sabweranso, ndipo amene akuvutika kwambiri ndi mayi. Chimene chanditsalira m'mutu ndi tsache lija." Kubwezera nkhani chonchi kumagwira ntchito ziwiri. Ngati zimene mwamva zikusiyana ndi zimene iye amafuna kunena, vuto lalikulu la nyimboyo laonekera pomwepo, musananene liwu lililonse lodzudzula. Ngati zikufanana, wadziwa mzere umene wanyamula nyimbo yonse, ndipo saukhudza akamakonza. Olemba ambiri sadziwa mzere wawo wamphamvu. Nthawi zambiri amanyadira wina, umene anauvutikira usiku wonse, n'kumaona wamphamvuwo ngati wamba chifukwa unabwera mosavuta.

Kenako ndinamufunsa chimene iye akukayikira. Funso limeneli anthu amalilumpha, chonsecho limapulumutsa nthawi. Iye anati kolasi ikumuoneka yaifupi kwambiri, mwina awonjezere mizere iwiri. Ndinamuyankha zoona, kuti nditamva kamodzi kokha ndinatha kuiimba, ndipo kolasi imafunika kutero. Nkhani ya kolasi inathera pomwepo. Akanapanda kufunsa, akanapita kukaiwonjezera yekha kunyumba n'kuononga chinthu chimene chinali bwino.

Tsopano tifike pa mzere wachinayi, umene uli ndi matenda awiri, ndipo onse awiri akhoza kuonetsedwa popanda kulemba chilichonse chatsopano.

Oyamba ndi a masamu. Maphatikizo a Chichewa ndi osavuta kuwerenga chifukwa pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, ndiye mukhoza kuwerenga ndi zala. Mzere woyamba uli ndi maphatikizo 11. Wachiwiri uli ndi 10. Wachitatu uli ndi 13, mukawerengera m' wa mu "m'chipinda" ngati phatikizo palokha, ngakhale woimba akhoza kumumeza n'kutsala ndi 12. Wachinayi uli ndi 14. Biti ya mnzangayo inkayenda pa liwiro la kugunda 100 pa mphindi, nambala imene pa kompyuta ya ku situdiyo imalembedwa kuti BPM, ndipo mzere uliwonse unkatenga kugunda kunayi. Ndiye kuti mzere uli ndi masekondi 2.4. Mukagawa kugunda kulikonse panayi, mupeza timipata 16, kalikonse ka masekondi 0.15. Mzere wa maphatikizo 11 ukusiya timipata tisanu, tokwanira kukoka mawu ndi kupuma. Wa 14 ukusiya tiwiri tokha. Komanso Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo, ndiye "li" wa mu "lozungulira" akufuna kampata kowonjezera. Katsala kamodzi, masekondi 0.15, ndipo kolasi ikuyamba pomwepo. Palibe munthu angapume bwino pa nthawi imeneyo.

Sindinamuwerengere masamu onsewa ngati mphunzitsi. Ndinamubwezera zimene tinajambula pa foni n'kumuuza kuti amvetsere mmene akulowera mu kolasi. Anamva yekha kuti "Imbani" woyamba akutuluka wopanda mphamvu, chifukwa mpweya unathera pa mzere wam'mbuyo. Kenako tinawerenga maphatikizo limodzi. Umboni wotere ndi wabwino chifukwa sudalira kukoma kwa khutu langa. Aliyense akhoza kuwerenga n'kupeza 14. Koma ndichenjeze apa, poti ena akaphunzira kuwerenga maphatikizo amasanduka apolisi a pamsewu: mizere siyenera kukhala yofanana kutalika. Wa 13 uja ndi wautali kuposa anzake awiri, koma iye ankauimba bwinobwino, ndipo kuthamanga kwake kunkamveka ngati tsache lomwelo. Kuwerenga kumathandiza kufotokoza kupunthwa kumene mwakumva kale ndi khutu. Ngati woimba sakupunthwa, zala zanu zisiyeni.

Matenda achiwiri ndi akuti mzerewo ungalowe m'nyimbo ina iliyonse. Ya maliro, ya chikondi, ya ndale, ya mapemphero, monsemo "moyo ndi wovuta" akhoza kukhalamo. Mizere itatu yoyamba ili ndi munthu, malo, mwezi ndi tsache. Wachinayi wachoka m'nyumbamo n'kukaima pa guwa. Ndipo chifukwa chake chikuoneka: ankafuna mawu omveka mofanana ndi "mubwera," ndiye "lozungulira" anabwera, n'kukoka mzere wonse kumbuyo kwake. Vuto limeneli ndi lofala mwa achinyamata amene anakulira pa nyimbo zakunja zodalira kufanana kwa mawu kumapeto a mizere. M'Chichewa malembo a liwu alipo asanu okha, ndipo aneni ambiri amathera pa "a", choncho kufananitsa mathero n'kotchipa kwambiri moti khutu silikuona ngati luso. Kutaya nkhani pofuna mathero ofanana ndi malonda oluza.

Apa ndi pamene cholembera chimayabwa. M'mutu mwanga munali kale mzere wonena za misozi ya mayi, wa maphatikizo okwana bwino. M'malo mwake ndinamufunsa kuti, "Kodi m'chipinda chimene akusesacho muli chiyani?" Anayamba kutchula: bedi lopanda matiresi, kalendala yakale, nsapato za mpira zimene ana a kwa azakhali akhala akuzipempha koma mayi amakana. Atafika pa nsapatozo anasiya kuyankhula. Patapita masiku anabwera ndi mzere uwu:

Nsapato zanu zija sanagawe

Maphatikizo 11, ofanana ndi mzere woyamba, ndipo mpweya wolowera mu kolasi wapezeka. Sukufanana ndi "mubwera" ngakhale pang'ono, koma palibe womvera amene angadandaule. Aliyense wa kuno akudziwa nthawi imene katundu wa munthu amagawidwa. Mzerewo ukunena kuti mayi akukana kuvomereza kuti mwana wawo ali ngati womwalira, osatchula imfa, osatchula misozi. Wanga uja unali wabwino mwa apo ndi apo, ndipo akanaulandira mwaulemu, n'kusiya kufunafuna. Kuipa kwa mzere wopatsidwa ndi mnzako n'komweko: umatseka dzenje, ndipo wolemba sakumbanso.

Funso lothandiza limasiyana ndi chiweruzo chovala funso. "Bwanji mzere wachinayiwu uli wamba chonchi?" si funso, ndi mbama. "Sukuganiza kuti pakanakhala za misozi?" ndi mzere wanu womwe uja, mwangoulowetsa pa zenera. Funso loona ndi limene yankho lake simukulidziwa. M'chipindamo muli chiyani? Ukuyankhula ndi ndani apa? Mawu amenewa ukuwanena uli kuti, masana kapena usiku? Munthu ameneyu anakuuza chiyani tsiku lomaliza? Mafunso otere amabweza wolemba ku nkhani yake, kumene kuli katundu.

Vesi yachiwiri ija ikuonetsa chifukwa china chofunsira musanakonze. Nyimbo yonse ikuti "achimwene", "munapita", "imbani", kenako mwadzidzidzi "iwe ukudya." Wodziwa malamulo a chiyankhulo angothamangira kubwezera "inu mukudya," n'kuona ngati wachotsa cholakwa. Nditafunsa kuti akuyankhula ndi ndani, iye anati ndi mkulu wake yemweyo, ndipo wachita dala, chifukwa pofika pamenepo ulemu watha, watsala mkwiyo. Ameneyo ndiye mtima wa vesi imeneyo. Koma panalinso choona china chimene ndinayenera kumuuza, chakuti ine pomvetsera ndinaganiza kuti walowetsa munthu wina, mwina mlamu wake. Cholinga chinali chabwino, koma sichinafike kwa womvera. Ndinangomuuza zimenezo. Njira anaipeza yekha, ndipo sinali ya mawu n'komwe: anapempha wojambula nyimbo kuti zida zonse zikhale chete kwa kugunda kunayi, "iwe" uja agwe payekha. Ine sindikanaganiza zimenezo, chifukwa maso anga anali pa mawu.

Ndiye munthu angasiyanitse bwanji cholakwa ndi kayankhulidwe ka mwini nyimbo? Muyeso wanga ndi wakuti cholakwa chimatsekereza chimene mwini wake akufuna, ndipo munthu wachitatu akhoza kuchitsimikiza. Woimba akapunthwa pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse, chimenecho n'cholakwa. Womvera akamva mawu ena osiyana ndi olembedwa, n'cholakwa. M'nyimbo yomweyi, mnzangayo ankapumira pakati pa "Disembala," ndipo ng'oma yamphamvu inkagwera pa theka lachiwiri, moti mlongo wanga, amene sanaone pepala, anafunsa chifukwa chake akunena mkulu wake kuti mbala. Zotere simungazione powerenga, ndipo njira yozigwira ndi yomweyo: imbirani munthu amene sanaone mawuwo, mumupemphe abwereze zimene wamva.

Kayankhulidwe ka mwini nyimbo kamazindikirika mwina. Ndi mawu amene amawanena ngakhale pocheza, amabwera kangapo m'nyimbo zake, ndipo akamawaimba sapunthwa. "Kufulasha" ndi chitsanzo. Wokonda Chichewa choyera anganene kuti asinthe, aike "ngakhale uthenga wokha." Koma kufulasha ndi chinthu chenicheni chimene anthu opanda mayunitsi amachita, ndipo tanthauzo lake m'kolasimo n'lakuti sitikupempha ndalama, sitikupempha ngakhale mawu, tingodziwa kuti muli moyo. "Uthenga" sanganyamule zimenezo. Chimodzimodzi "bonya wa ngongole." Ngati chifukwa chokha chimene muli nacho n'chakuti "ine sindikananena choncho," dziwani kuti mwafika pa malire a munda wa mwini wake. Mukhoza kunena kuti mawuwo sakukusangalatsani, koma munene poyera kuti kumeneko ndi kukonda kwanu, kuti iye adziwe kulemera kwake.

Za kuchuluka kwa ndemanga ndinene mwachidule. Zitatu pa ulendo umodzi n'zokwana, ndipo muyambe ndi zazikulu: nkhani ikumveka kapena ayi, kenako kayalidwe ka mavesi ndi kolasi, kenako mizere, mawu amodziamodzi pomaliza. Kukangana za liwu limodzi m'vesi imene mawa idzachotsedwa yonse ndi kutaya madzulo.

Tsopano otsutsa, amene ali ndi mfundo zomveka. Woyamba akuti, kodi si paja mutu umodzi susenza denga? Nyimbo zathu zambiri zilibe mwini mmodzi. Za pamtondo, za pa chinkhoswe, za pa maliro, wina amayambitsa, wina amawonjezera mzere, mawa wina amasintha dzina la munthu wonenedwayo, ndipo palibe amadandaula kuti amulanda mawu. M'makwaya ndi m'mabandi anthu amalemba limodzi tsiku ndi tsiku. Zonsezi n'zoona, ndipo kulemba limodzi ndi ntchito yabwino. Koma ndi ntchito ina, imene anthu amalowamo akudziwa. Pamtondo aliyense akudziwa kuti nyimbo ndi ya onse. Mnzanu amene wati "tandimvere kanyimbo kanga" wakupemphani khutu. Mukatulukamo muli mwini wa theka la vesi, mwasintha pangano popanda kumufunsa, ndipo mwachita zimenezo pa nthawi imene iye ali wofooka, atangoulula chinthu chosatha, pamene kukana thandizo la mnzake kungaoneke ngati mwano.

Palinso mbali ya ndalama imene anthu amaiwala mpaka nyimbo itaphulika. M'Malawi muno bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndi limene limatolera ndi kugawa ndalama za eni nyimbo, ndipo lamulo loteteza umwini wa zaluso limene likugwira ntchito pano ndi la 2016. Polembetsa nyimbo pamafunika kudziwika amene anapeka, ndipo ngati ali angapo, gawo la aliyense. Munthu amene anangofunsa kuti "m'chipindamo muli chiyani" alibe chodandaula. Amene analemba mizere inayi ya kolasi akhoza kudzuka tsiku lina n'kuyamba kuwerenga. Maubwenzi ambiri a oimba amathera pa funso la amene analemba chiyani, ndipo nthawi zambiri chiyambi chake ndi madzulo amodzi a "tabwera ndikukonzere." Choncho ngati nonse mwaona kuti nyimboyo ikufuna anthu awiri, nenani mawuwo: "Kuyambira pano tikulemba limodzi, ndipo dzina langa likhalapo," kapena "mzere uwu ndakupatsa, sindidzafunsa kanthu." Kuchita manyazi pa mphindi imeneyo n'kotchipa poyerekeza ndi mlandu wa pambuyo pake.

Wotsutsa wachiwiri ndi mwini nyimbo yemweyo. Situdiyo walipira kale, nthawi yake ndi mawa m'mawa, ndipo akuti, "Aise, mafunso akowo ndatopa nawo, ingondipatsa mzere." Apa sindingaumirire ngati ndine woyera mtima. Koma pali zimene ndimayesa kaye. Ndimamuuza kuti anene mzerewo mwa kuyankhula wamba, ngati akuuza mnzake pa bawo, ine n'kulemba ndendende zimene wanena. Kawirikawiri mzere umakhala uli momwemo, ukungofuna kudula mutu ndi mchira, ndipo odula akhale iye. Zikakanika, ndimapereka chitsanzo cha nkhani ina kotheratu, kuti aone njira koma asathe kunyamula mawu anga. Ngati vuto ndi mzere wamba, ndimamuonetsa mmene "ndine wosauka" amasinthira kukhala "sopo tikudula pakati," ndipo iye akachite zofanana ndi nkhani ya ku Joni. Njira yachitatu imene anthu saiganizira ndi kusiya mpata. Mzere wofooka ukhoza kungochotsedwa, gitala n'kuyankhula pamalopo, kapena mzere wamphamvu uja n'kubwerezedwa. Nyimbo zambiri zosatha zimachira pochotsa.

Wotsutsa wachitatu ndi amene ndimamuopa, chifukwa akunena za khalidwe lathu. Akuti ife timakonda kuzungulira, timaopa kukhumudwitsa, ndipo dongosolo la mafunso ofatsali likhoza kungokhala "ili bho" wovala jekete. Munthu afunsa mafunso asanu okoma, n'kuchoka osanena kuti vesi yachiwiri yonse ndi yakufa. Zimachitika. N'chifukwa chake sitepe yomaliza ija siyenera kulumphidwa. Mukatha kumva ndi kufunsa, nenani kuti, "Ndili ndi maganizo pa vesi yachiwiri, ukufuna kuwamva?" Akavomera, nenani mosabisa, ndi malo ake ndi chifukwa chake: "Kuyambira mzere wachisanu ndinasiya kumvetsera, chifukwa ukubwereza zimene kolasi yanena kale." Kusalemba mzere wa mnzanu sikukupatsani chilolezo chobisa choonadi. Ndipo ngati amene wakuonetsani nyimboyo ndi wamkulu kwa inu, monga mkulu wa kwaya kapena amalume anu, mawu amasintha koma mfundo isasinthe: "Bambo, pamene paja ine ndinasochera pang'ono, kaya ndi khutu langa, tabwerezaninso." Akabwereza n'kupunthwa pomwepo, amva okha.

Pali zinthu ziwiri zimene sindidikira chilolezo kuti ndizinene. Ngati mzere kapena chuni chikufanana kwambiri ndi nyimbo ya munthu wina, ndimanena nthawi yomweyo, chifukwa wolemba nthawi zambiri sadziwa kuti watola, ndipo ndi bwino amve kwa ine kusiyana ndi kumva kwa anthu nyimbo itatuluka. Chachiwiri, ngati nyimbo ikutchula munthu weniweni n'kumunenera zinthu zimene zingamuonongere mbiri. M'nyimbo ya ku Joniyi vesi yachitatu inatchula dzina la mkazi amene amamuganizira kuti ndiye anasokoneza mkulu wakeyo. Ndinamuuza mosazungulira kuti dzinalo likhoza kumubweretsera mlandu, ndiponso kuti mayi ake omwe akuwaimbirawo adzakumana ndi abale a mkaziyo kumsika. Analichotsa. Chimene anaikapo m'malo mwake sindinamuuze ine.

Pa vesi yachiwiri sanandimvere. Ndinamuuza kuti ndi yaitali, kuti mizere inayi yomaliza ikungozungulira pa mkwiyo umene "iwe" uja wautulutsa kale. Anamvetsera, anafunsa kuti ndi mizere iti, ndinamulozera, ndipo anati aisiya momwemo chifukwa akufuna womvera atope ndi mkwiyowo monga mmene iye watopera nawo. Mpaka lero ndikuganiza kuti vesiyo ikanakhala yamphamvu itafupika, ndipo akadzandifunsanso ndidzanena zomwezo. Anakajambula ndi mizere yake yonse.